Anzanga a ku desiki ya nkhani, kuyambira Lolemba tizitumiza ndi matopiki

Muli bwanji nonse, apu yatsopano ija yalowa pa Play Store ndiye manje zotumiza notifikeshoni imodzi kwa aliyense zatha. Munthu wa ku Lundazi sizimukhudza kuti madzi avuta ku Kapata, foni ikangolira lira ndi nkhani zosamukhudza amatseka manotifikeshoni onse ndipo kumubwezanso nkovuta, makamaka poti kuyambira Android 13 apu imachita kupempha chilolezo kaye.

Munthu akatsegula apu koyamba azisankha dera lake, Chipata, Katete, Petauke, Lundazi, Chadiza kapena Nyimba, kenako zomwe amakonda, ulimi, mpira, miyambo. Chilichonse chomwe wasankhacho ndiye topiki. Akadina, foni yake imalembetsa yokha ku Firebase, sevisi ya Google yotumizira manotifikeshoni, motere:

```
FirebaseMessaging.getInstance()
    .subscribeToTopic("chipata")
```

Ife sitisunga mndandanda wa mafoni, timangotumiza ku topikiyo Firebase nkugawira onse amene analembetsa.

Apa ndiye mumvetsetse chifukwa ambiri mwandifunsa kale. Topiki si GPS ayi. Sidziwa komwe munthu ali, imangodziwa chomwe anasankha. Mwana wa kuno amene akugwira ntchito ku Lusaka akasankha `chipata` azilandira za kwawo ali ku Matero konko, ndipo ine ndikuona kuti nzabwino zimenezo, enanso ali ndi munda ku Chadiza koma amagona mtauni ndiye asankha madera awiri, palibe vuto. Choncho polemba musamati "kuno" kapena "pafupi ndi inu", tchulani malo, Mchini, Mwami, Mtenguleni, kuti owerenga asasokonezeke.

Mukafuna alimi a ku Katete okha okha, monga FRA ikatsegula depoti yogulira chimanga, mu bokosi la `condition` lembani:

```
'katete' in topics && 'ulimi' in topics
```

`&&` ndiye kuti munthu akhale mu zonse ziwiri, `||` ndiye kuti chilichonse mwa ziwirizo chakwana. Matopiki asapitirire 5 mu mzere umodzi, Firebase imakana. Za Nc'wala mu Febuluwale ndi Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti ziziyenda pa `miyambo` osaikapo dera, anthu amabwera kuchokera ku Malawi ndi ku Mozambique komwe.

Dzina la topiki mulilembe ndendende momwe liliri pa shiti ndakutumizirani, zilembo zazing'ono, popanda mpata kapena ka chizindikiro kaja ka mu Nc'wala. Mukaphonya chilembo uthenga upita ku topiki yopanda munthu inu nkumati watumizidwa.

Zachinsinsi zisadutse pa topiki chonde, aliyense amene ali ndi apu atha kulembetsa. Komanso nthawi zina uthenga umachedwako pang'ono kufika mafoni onse, musatumize kawiri poganiza kuti sunapite.

A Phiri ndi amayi Tembo, `yesani` ndi topiki yathu ya muofesi, ponyani kaye kumeneko mawa mmawa muone ngati mafoni anu alira tisanayambe ndi anthu.