Kalata kwa onse ochita lendi: kusintha kwa oyang'anira nyumba ndi kolipira lendi

Namiwawa, Blantyre
13 Okutobala 2025

Okondedwa bambo ndi mayi,

Tikukupatsani moni. Eni nyumba zino atisankha kuti tiziyang'anira mafulati onse 24 kuyambira pa 1 Novembala 2025, m'malo mwa kampani yomwe mwakhala mukulipirako. Nyumba sizinagulitsidwe, ndipo palibe amene akusamutsidwa. Mgwirizano womwe munasainira ukugwirabe ntchito mpaka tsiku lake lothera, lendi sinakwere, ndipo tsiku lomaliza kulipira likadali pa 5 mwezi uliwonse.

Chomwe chasintha ndi kolipira. Lendi ya Okutobala, ngati simunamalize, kaperekeni komwe mumapereka kale pasanafike pa 31. Ya Novembala ndi miyezi yotsatira muziika ku akaunti yathu ya ku National Bank of Malawi, kapena muzitumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Manambala ake ali pa khadi lachidindo lomwe talumikiza ku kalatayi, ndipo tawamatanso pakhomo la ofesi yathu, chipinda choyandikana ndi geti.

Polipira lembani nambala ya fulati ndi mwezi, mwachitsanzo B7 NOV. Apa mpomwe pamavuta kawirikawiri: munthu akalipira kudzera kwa ejenti kapena pafoni ya m'bale wake, kwa ife kumafika dzina lachilendo, ndalama n'kukhala osadziwika mwini wake, inu n'kumaoneka ngati muli ndi ngongole. Bweretsani silipi ya kubanki kapena uthenga wa pafoni kuti tikulembereni lisiti. Amene munauza banki kuti izidula lendi yokha mwezi ndi mwezi, pitani mukaimitse zimenezo pasanafike pa 25 Okutobala, chifukwa ndalama zikapita ku akaunti yakale zimatenga nthawi kuti zibwezedwe.

Musapereke ndalama pamanja kwa alonda, okonza pamalo, ngakhale kwa ife amene. Wina akakuimbirani kapena kukutumizirani uthenga woti nambala yasinthanso, musatumize kanthu. Bwerani mudzafunse.

Dipoziti yanu ili m'manja mwathu tsopano, simulipiranso ina. Amene munalipiriratu miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, bwerani ndi malisiti anu tifananitse ndi mabuku omwe talandira. Amene muli ndi ngongole yakale, tidzakhala pansi n'kugwirizana kabwezedwe kake. Mayunitsi a ESCOM ndi bilu ya Blantyre Water Board muzilipira monga kale.

Ofesi imatsegulidwa Lolemba mpaka Lachisanu, 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Loweruka pa 25 Okutobala, nthawi ya 10 koloko m'mawa, tidzakumana nanu pabwalo loimikapo magalimoto kuti tidziwane. Ngati pali mpope wodontha, denga lothonya kapena loko wowonongeka, mudzatiuze tsikulo kuti tikonze mvula isanayambe.

Ife anu,
Oyang'anira nyumba, m'malo mwa eni nyumba