Seno, koseno ndi tanjenti: phunziro loyamba la ophunzira a kalasi ya 10 ku Ulongwe

Ophunzira anga, tsamba ili muliwerenge muli ndi kope, rula ndi pensulo pafupi, chifukwa chilichonse chimene ndikutchula muyenera kuchijambula nokha. Tikuyamba njira yopezera kutalika kwa chinthu chimene simungachikwere ndi chingwe chopimira, monga mtengo wa bulugama kapena nsonga ya denga.

Zonse zikuchitikira mu tiriyangulu amene ali ndi ngodya imodzi ya 90°, ngati pamene khoma lowongoka limakumana ndi pansi. Ngati tiriyangulu wanu alibe ngodya imeneyi, za lerozi musazigwiritse ntchito.

Mayina a mbali zitatu

Mbali yoyang'anizana ndi ngodya ya 90° ndi hipotenuza. Ndiyo yaitali kuposa zinzake, ndipo dzina lake silisintha. Tiilemba H.

Ziwiri zotsalazo ndi makateto, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Mayina awo amadalira ngodya imene mwasankha pa ngodya ziwiri zazing'ono zija. Ikani chala pa ngodya imene funso lakupatsani. Mbali imene ili kutsidya, yosakhudza chala chanu, ndi kateto opozitu: O. Mbali imene ikukhudza chala chanu, koma si hipotenuza, ndi kateto adijasenti: A. Mukasamutsira chala pa ngodya inayo, O asanduka A ndipo A asanduka O. Ndiye musaloweze kuti mbali yoimirira ndi O nthawi zonse. Tiriyangulu wa pa mayeso amabwera atapendekeka kapena atazondoka, ndipo chokupulumutsani ndi chala chija.

Magawidwe atatu

Jambulani tiriyangulu wa mbali za masentimita 3, 4 ndi 5, yemwe uja amisiri omanga amagwiritsa ntchito powongola ngodya ya maziko. Ikani chala pa ngodya yoyang'anizana ndi mbali ya 3. Tsopano O ndi 3, A ndi 4, H ndi 5.

sen = O ÷ H = 3 ÷ 5 = 0,6
cos = A ÷ H = 4 ÷ 5 = 0,8
tg = O ÷ A = 3 ÷ 4 = 0,75

Jambulaninso wamkulu, wa 6, 8 ndi 10. Gawani 6 ndi 10, mupezanso 0,6. Gawani 6 ndi 8, mupezanso 0,75. Tiriyangulu wakula koma ngodya sinasinthe, ndiye mayankho sanasinthe. Mutu wonse wa phunziroli wagona pamenepa: ngodya iliyonse ili ndi seno wake, koseno wake ndi tanjenti wake, kaya tiriyanguluyo ndi wa m'kope kapena ndi waukulu ngati phiri la Domwe. N'chifukwa chake makina owerengera amatha kukuuzani seno wa 30° osaona n'komwe chimene mwajambula. Iye ndi 0,5 basi: pa ngodya ya 30°, mbali ya kutsidya ndi theka la hipotenuza.

Chokumbukirira

Imbani mawu atatu awa mpaka akhazikike pakamwa: soho, kaha, towa. Polemba ndi chonchi:

SOH  CAH  TOA

M'gulu lililonse chilembo choyamba ndi dzina: S seno, C koseno, T tanjenti. Chapakati ndi mwana, chomaliza ndi mayi womubereka kumsana, ndiye chapakati chimakhala pamwamba pa mzere wogawira, chomaliza pansi.

Koma kuimba kokha sikusankha. Musanagwire makina, lembani O, A ndi H pa chojambula chanu. Chongani mbali imene funso lakupatsani, chonganinso imene likufuna. Yatsala imodzi yopanda ntchito, isiyeni. Kenako funani gulu lokhala ndi zilembo ziwiri mwachongazo. O ndi H akutengerani kwa seno, A ndi H kwa koseno. Ngati hipotenuza sakutchulidwa paliponse, ndi tanjenti.

Tiyese ndi mtengo

Bulugama wa m'mbali mwa bwalo la mpira waponya mthunzi wa mamita 12 pa nthaka yosalala, pamene dzuwa lakwera 35° kuchokera pansi. Kodi ndi wamtali bwanji?

Ngodya ya 35° ili kunsonga kwa mthunzi. Chala pamenepo. Mthunzi ukukhudza chala, ndiye ndi A. Mtengo uli kutsidya, ndiye ndi O. Hipotenuza palibe wamufunsa. O ndi A, towa.

tg 35° = O ÷ 12
O = 12 × 0,7002 = 8,4

Mtengowo ndi wa mamita pafupifupi 8,4. Yankhani ndi nzeru zanunso: tanjenti wa 45° ndi 1, kutanthauza kuti dzuwa likakhala pa 45° mthunzi umalingana ndi mtengo. Pa 35° dzuwa lili m'munsi, mthunzi uyenera kuposa mtengo, ndipo 12 akuposadi 8,4.

Pamene chofunidwa chili pansi pa mzere

Ichi ndichedwapo, chifukwa chimadya mamalikisi a ana odziwa bwino. Mmisiri akukhoma denga la malata la mbali ziwiri pa nyumba ya mamita 6 m'lifupi. Kuchokera pa khoma kufika pakati pa nyumba ndi mamita 3, ndipo akufuna denga litsetsereke 25°. Thabwa lochoka pamwamba pa khoma kukafika pa nsonga likhale lalitali bwanji?

Ngodya ili pamwamba pa khoma. Mamita 3 aja ndi A. Thabwalo layang'anizana ndi 90°, ndiye ndi H. A ndi H, kaha.

cos 25° = 3 ÷ H
H = 3 ÷ cos 25° = 3 ÷ 0,9063 = 3,31

Onani kuti apa tagawa, sitinachulukitse. Dzanja lozolowera limathamangira 3 × 0,9063 n'kupeza 2,72, thabwa lalifupi kuposa mamita 3 amene liyenera kudutsa. Hipotenuza akatuluka wamfupi kuposa kateto, bwererani, mwasokoneza. Chimodzimodzi seno kapena koseno akaposa 1: mwazondotsa mayi ndi mwana. Tanjenti yekha ndiye amaloledwa kuposa 1, ndipo amatero ngodya ikadutsa 45°.

Za makina

Pa makina owerengera ndi pa foni mabatani amalembedwa sin, cos ndi tan, pomwe m'kope timalemba sen, cos ndi tg. Ndi zomwezo. Musanayambe, dinani sin 30. Mukapeza 0,5 zili bwino. Mukapeza −0,988 makinawo ali pa RAD, abwezereni pa DEG. Amene alibe makina agwiritse ntchito tabela ya maseno, kapena akhale awiriawiri.

Ntchito ya kunyumba

1. Makwerero a mamita 5 atsamira khoma, ndipo apanga 60° ndi nthaka. Afika pamwamba bwanji?
2. Waya wa mamita 10 wachoka pa nsonga ya mlongoti kufika pa chikhomo, ndipo wapanga 50° ndi nthaka. Chikhomocho chatalikirana bwanji ndi tsinde la mlongoti?
3. Njinga yonyamula matumba a mbatata yayenda mamita 200 pokwera chitunda cha 10°. Yakwera m'mwamba mamita angati?

Mayankho ndi 4,33; 6,43 ndi 34,7. Ndawapereka dala, chifukwa Lolemba sindidzayang'ana nambala yomaliza. Ndidzayang'ana chojambula chokhala ndi O, A ndi H pamalo pake, mbali ziwiri zochongedwa, ndi dzina la gulu limene mwasankha.