Chifukwa chake mankhwala a TB timamwa miyezi 6 osadukiza

Zikomo amfumu, azimayi ndi azibambo nonse. Lero sikelo ya ana ikatha musathamangire kumunda, tikambeko za chifuwa chachikulu, chija timati TB. Kukiliniki kwathu vuto lomwe tikuliona kwambiri ndi la anthu amene amayamba mankhwala bwinobwino, koma pakapita miyezi iwiri osaonekanso.

Kachilombo ka TB kamayenda mumpweya. Wodwala akatsokomola m'nyumba yotseka mawindo, kapena m'basi yodzaza yochokera ku Katete, timadontho tosaoneka ndi maso timatsala tikuyandama, wina n'kutipuma. Sikayenda pa mbale kapena pa kapu, choncho musamupatule wodwala pa nsima.

Kakafika m'mapapo, asilikali a m'thupi amakameza. Koma kachilomboka kali ndi khungu lokhuthala lamafuta ngati phula, ndiye m'malo mofa kamakhala moyo m'kati mwa msilikali yemwe wakamezayo. Thupi likaona kuti zakanika, limamanga mpanda kuzungulira malowo. Anthu ambiri zimathera pomwepo, sadwala ndipo sapatsira ena. Mpandawo umagumuka thupi likafooka ndi HIV, njala, shuga, mowa kapena fodya. Apo mnofu wa phapo wa m'kati mwa mpanda umafa, umafewa ngati chambiko, ndipo munthu amautsokomola pamodzi ndi makhololo. Pamatsala mphako, kawirikawiri kumtunda kwa phapo, ndipo m'mphakomo tizilombo timaswana miyandamiyanda. Mphako ikakula n'kudya mtsempha, m'makhololo mumaoneka magazi. Malo owonongekawo sameranso phapo latsopano, pamangokhala chipsera cholimba chosakoka mpweya. N'chifukwa chake wina wochedwa kubwera, ngakhale achire, amapumira m'mwamba akangokwera kachitunda ndi njinga.

Tsono bwanji miyezi 6, pamene mankhwala a malungo timamwa masiku atatu basi? Tizilombo tambiri toyambitsa matenda timaswana pa mphindi zochepa, koma ka TB kamatenga maola 15 mpaka 20 kuti kagawikane kamodzi, ndipo mankhwala amagwira bwino tizilombo tikamaswana. Tina timangogona m'mnofu wakufa uja, momwe magazi safikamo bwino. Alimi mukudziwa kaufiti: mwazula amene waonekera, munda wayera, koma njere zake zili phee m'dothi kudikira chimanga china. Miyezi iwiri yoyamba imapha tizilombo togalamuka. Chifuwa chimachepa, thukuta la usiku limatha, chilakolako cha chakudya chimabwerera, munthu n'kumati wachira. Miyezi inayi yotsatira ndi yosaka togona tija.

M'miyezi iwiri yoyamba mbulu uliwonse uli ndi mankhwala anayi: rifampisini, aisonayazidi, pirazinamaidi ndi ethambutolo. M'miyezi inayi yotsala mumamwa awiri oyambawo. Timawaphatikiza chifukwa pa tizilombo tochuluka chonchi sipalephera kupezeka tingapo tosamva mankhwala amodzi, koma anzake atatu amatimaliza. Kuchuluka kwa mibulu kumatsata sikelo: wolemera makilogalamu 38 mpaka 54 amamwa itatu, wa 55 mpaka 70 inayi, tsiku lililonse, makamaka m'mawa asanadye. Mukanenepa tidzawonjezera, ndiye musakane kukwera sikelo. Makhololo timawayezanso pakutha kwa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu n'chimodzi. TB ya mu ubongo kapena ya m'mafupa imatenga miyezi 12.

Wodumphadumpha amapha tizilombo tofooka n'kusiya tolimba. Timeneto tikaswana, TB imabwerera, nthawi zina yosamva rifampisini ndi aisonayazidi, ndipo ana a m'nyumbamo angatenge yomweyo yosamva mankhwala.

Mkodzo, thukuta ndi misozi zikafiira musaope, ndi rifampisini ameneyo. Mapazi akachita dzanzi tiuzeni, pali kambulu ka vitamini B6. Koma maso akasanduka achikasu, kusanza kosalekeza, zidzolo thupi lonse kapena maso akayamba kuona mwachimbuuzi, musamwe mibulu ina, bwerani tsiku lomwelo. Mowa usiyeni, chiwindi chili kale ndi ntchito yaikulu. Amene muli pa ma ARV musasiye, nenani chabe kwa anamwino chifukwa mlingo wa ena umasintha. Azimayi, rifampisini amafooketsa mapiritsi olera ndi kolera kapamkono.

Kuyeza ndi mankhwala ndi ulere m'zipatala zonse za boma, kuyambira kiliniki yathu mpaka chipatala chachikulu cha ku Chipata. Ngati mukupita ku Lusaka, ku maliro ku Lundazi kapena kuwoloka ku Mwami, tengani khadi lanu ndi mankhwala okwanira ulendo wonse. Ana osakwana zaka 5 ndi onse okhala nyumba imodzi ndi wodwala abwere tiwapime, pali mankhwala oteteza. Amene mwatsokomola milungu iwiri, mukuonda kapena mukutuluka thukuta usiku, timabotolo ta makhololo tili pa tebulo apo, tengani musanachoke. Muikemo zochokera pansi pa chifuwa, osati malovu.