Pempho loti mundilongosolere msonkho ndi kuunikanso mtengo wa makina osokera

Ndirande, Blantyre
18 Malichi 2025

Kwa Mkulu wa Ofesi ya Kasitomu

Wolemekezeka Bwana,

Ndine telala, ndipo ndikulemba za makina osokera 6 ogwiritsidwa kale ntchito omwe ndinagula ku Johannesburg. Anafika pa ofesi yanu pa 11 Malichi ndipo adakali m'nyumba yosungiramo katundu, pomwe ndalama zosungira zikukwera tsiku ndi tsiku.

Makinawa ndinawagula pa marandi 24,000. Mayendedwe ndi inshulansi ndinalipira marandi 3,500, kotero ejenti wanga analemba marandi 27,500 ngati mtengo wowerengera msonkho, pansi pa nambala 8452 ya makina osokera. Koma chikalata chomwe chatuluka mu ASYCUDA, pulogalamu ya kompyuta ya ofesi yanu, chawerengera msonkho pa ndalama yofanana ndi marandi 61,000. Ejenti anangouzidwa pakamwa kuti mtengo wanga ndi wotsika kwambiri.

Msonkho sindikukana, bwana. Ndikufuna kulipira pa mtengo weniweni. Makinawa anachokera mu fakitale yomwe inatsekedwa. Utoto unasupuka, matebulo awiri ndi ong'aluka, ndipo imodzi mwa mamota ake siyaka n'komwe. Aliyense atawaona sangawayese atsopano, koma mtengo womwe waikidwawo ukuoneka ngati wa makina a m'bokosi. Ndikukayika ngati amene anawerengerayo anatsegula makatoni.

Monga ndikudziwira, pa malamulo a bungwe la zamalonda padziko lonse la WTO, lomwe Malawi ndi membala wake kuyambira 1995, kasitomu imayambira pa ndalama yomwe wogula analipiradi. Ikakana mtengowo pa zifukwa zomveka, ndiye imayerekeza ndi katundu wofanana naye. Wogula alinso ndi ufulu wopempha kuti amulongosolere molemba. Choncho ndikupempha mundilembere chifukwa chomwe invoisi yanga yakanidwira, katundu yemwe munayerekezera naye, mtengo wa randi womwe munagwiritsa ntchito, komanso momwe ndalamayo yagawikira pakati pa msonkho wa kasitomu ndi VAT. Pa chikalatacho ine ndikungoona chiwerengero chachikulu kumapeto, ndipo ngakhale ejenti akulephera kundimasulira.

Ndikupemphanso kuti ofisala wanu adzaone makinawa ine ndilipo, kenaka mtengo uunikidwenso. Ngati zimenezi zitenge nthawi, mundilole nditulutse katundu nditasiya chikole cha ndalama yomwe tikusiyanayo, kufikira chigamulo chitatuluka. Ndili ndi oda ya mayunifomu a sukulu yofunika teremu ikubwerayi isanayambe, ndipo anyamata anga atatu angokhala.

Ndaphatikiza invoisi, umboni wa kubanki woti ndalama inapita kwa wogulitsa, lisiti ya mayendedwe, zithunzi 12 ndi manambala a makina onse. Zikalata zenizeni ndili nazo, ndipo ndingabwere nazo tsiku lililonse lomwe mungandiitane.

Ine wanu,
Mwini katundu, telala wa ku Ndirande