Kalata kwa Ophunzira a Chaka Chachiwiri: Kukonzekera Mayeso a mu Labu a Sayansi ya Tizilombo

Chipata, Lolemba, 3 Novembala 2025

Okondedwa ophunzira,

Ndikukulemberani kukudziwitsani kuti mayeso anu a ntchito za manja a phunziro la sayansi ya tizilombo adzachitika Lachinayi pa 20 Novembala mu labu yaikulu. Gulu loyamba lidzalowa 08:00, lachiwiri 11:00, ndipo nonse mudzabwerenso Lachisanu m'mawa kudzawerenga mbale zomwe mudzakhale mutabzalamo mabakiteriya, chifukwa mabakiteriya amafuna maola 18 mpaka 24 pa madigiri 37 kuti amere bwino. Masiteshoni adzakhala anayi, ndipo belu likalira aliyense adzasiya zomwe wagwira n'kupita pa siteshoni yotsatira.

Mayeso amenewa sapima kuchuluka kwa manotsi omwe mwaloweza. Oyesa adzaima pambali panu kuona momwe manja anu akugwirira ntchito, ndipo theka la mamalikisi lidzachokera pa zomwe adzaone inu musanalembe ngakhale liwu limodzi. Choncho m'masabata awiri otsalawa malo anu okonzekera ndi pa benchi. Labu idzakhala yotsegula Lachiwiri ndi Lachinayi kuyambira 14:00 mpaka 16:30, ndipo a Tembo, omwe amayang'anira zipangizo, avomera kukhala nanu. Lembetsani mayina kwa iwo pasadakhale chifukwa mamaikulosikopu ndi ochepa.

Siteshoni yoyamba, yomwe ilinso ndi mamalikisi ambiri, ndi yopaka utoto mwa njira ya Gram, ndipo mudzapatsidwa mphindi 25. Njirayi inapezedwa ndi dokotala wa ku Denmark, Hans Christian Gram, mu 1884, koma mpaka lero ndi yomwe imauza msanga sing'anga mtundu wa mankhwala oti ayambire wodwala. Ndondomeko mukuidziwa: kirisito vayoleti mphindi imodzi, ayodini mphindi imodzi, kusukulutsa ndi asetoni kwa masekondi ochepa chabe, kenako safuranini, ndipo pakati pa chilichonse mumatsuka ndi madzi. Ambiri sagwa chifukwa choiwala ndondomeko imeneyi. Amagwa pa kusukulutsa. Mukachedwetsa asetoni, ngakhale mabakiteriya a khungu lokhuthala, omwe amayenera kugwira utoto wa papo, amautaya n'kuoneka apinki, ndipo inu mumalemba kuti ndi Gram negetivu pomwe ndi pozitivu. Mukafulumira kwambiri, kapena mukapaka zochuluka pa silaidi, zonse zimatsala zapapo. Palibe buku lomwe lingaphunzitse dzanja lanu nthawi yoimira, n'chifukwa chake ndikupempha kuti aliyense azipaka sitafilokokasi ndi esherishiya kolai pa silaidi imodzi mobwerezabwereza, mpaka mbali ina izituluka yapapo ndi ina yapinki nthawi zonse.

Kumbukiraninso kuti silaidi imayamba yauma yokha ndi mphepo musanaidutsitse pa moto katatu. Ndaona ena akuiwotcha idakali yonyowa kuti apulumutse nthawi, ndipo chomwe amapeza pa maikulosikopu ndi zinyenyeswa zopanda maonekedwe. Poyang'ana, yambani ndi diso la x10, mupeze malo omwe tizilombo tabalalika bwino, kenako muike dontho limodzi la mafuta n'kutembenuzira pa x100. Diso la x40 lisakhudze mafuta ngakhale pang'ono. Amene adzalinyowetse adzataya mamalikisi pomwepo, ndipo ndikuuzeni kuti a Tembo sadzamuiwala. Malaiti akathima tidzagwiritsa ntchito mamaikulosikopu a kalilole pafupi ndi mawindo, choncho yesani kamodzi kulondolera kuwala kwa dzuwa kuti tsikulo musadzasokonezeke.

Pa siteshoni yachiwiri mudzabzala mbale ya agala, chakudya chomwe mabakiteriya amamerapo, kuti mupeze makolone, kapena kuti timilu ta mabakiteriya, oima paokha. Lembani nambala yanu ndi tsiku pansi pa mbale, osati pa chivundikiro, popeza zivundikiro zimasinthana. Wotchani lupu mpaka ifiire, muidikire izizire, ndipo muiwotchenso musanayambe chigawo chilichonse chatsopano, chifukwa cholinga cha kukanda kumeneku ndi kuchepetsa tizilombo pang'onopang'ono. Mbale imalowa mu inkyubeta chozondoka kuti madzi a nthunzi asadonthere pa makolone.

Siteshoni yachitatu ili ndi mbale zomera kale komanso mayeso aafupi. Pa agala wa MacConkey, mabakiteriya odya lakitozi, monga esherishiya kolai, amatulutsa makolone apinki, pomwe salimonela ndi shigela, omwe amayambitsa taifodi ndi kamwazi, amakhala otumbuluka. Kachilombo ka kolera kamapanga makolone achikasu pa agala wa TCBS, ndipo pambuyo pa mliri womwe unavuta dziko lathu kuyambira kumapeto kwa 2023 mpaka mu 2024, sindiyembekezera kuti pali wina amene adzalephere kuzindikira mbale imeneyi. Poyesa katalezi, thovu likatuluka mu haidirojeni perokisaidi ndiye kuti mwagwira sitafilokokasi osati sitireputokokasi, koma potenga kolone pa agala wa magazi samalani kuti musakokere agalayo, chifukwa maselo ofiira a magazi nawo ali ndi katalezi ndipo adzakunamizani. Mudzayezanso ndi rula, mu mamilimita, kukula kwa bwalo lomwe mabakiteriya alephera kumera mozungulira kapepala ka mankhwala. Yezani bwalo lonse kudutsa pakati, kenako muyerekeze ndi tebulo lomwe lidzakhale pa benchi musananene ngati mankhwalawo akugwira ntchito.

Siteshoni yomaliza ndi ya masilaidi okonzedwa kale, ndipo ndasankha matenda omwe mudzakumane nawo m'zipatala za chigawo chathu chino cha Kum'mawa: tizilombo ta malungo m'magazi opakidwa Giemsa, timitengo tofiira ta chifuwa chachikulu pa silaidi ya Ziehl-Neelsen, mazira a likodzo a m'mkodzo okhala ndi kaminga kumapeto, ndiponso tizilombo ta kaodzera tomwe ntchentche za kashembe zimafalitsa m'chigwa cha Luangwa.

Pa masiteshoni onse, lembani zomwe maso anu aona, osati zomwe mukuganiza kuti ndaika. Lipoti la Gram likhale lathunthu: mtundu wa utoto, maonekedwe a tizilomboto, kaya ndi tozungulira kapena tonga timitengo, ndi momwe takhalirana, kaya m'magulu, mu unyolo kapena tiwiritiwiri. Musatchule dzina la kachilombo podalira Gram yekha. Ngati silaidi yanu yalakwika ndipo nthawi yatha, nenani choncho papepala ndi kufotokoza chomwe mukuganiza kuti chachititsa. Wophunzira wotero ndidzamupatsa mamalikisi ochuluka kuposa amene walemba yankho lolondola lomwe silikuoneka pa silaidi yake. Ine ndimayang'ana silaidi iliyonse ndisanawerenge pepala.

Za chitetezo ndinene mwachidule. Ndikudziwa kuti mwezi uno kukutentha kwambiri, komabe palibe amene adzalowe wopanda khoti loyera lomangidwa mabatani ndi nsapato zotseka zala. Tsitsi lalitali limangidwe, madzi akumwa ndi mafoni zitsale panja, ndipo benchi ipukutidwe ndi mankhwala ophera tizilombo poyamba ndi pomaliza. Mbale zogwiritsidwa ntchito zimapita mu chidebe cha ku otokilevi, komwe zimaphikidwa pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15. China chikatayika kapena kusweka, musachitole nokha. Kwezani dzanja, ndipo simudzalandidwa mamalikisi chifukwa chonena.

Mubwere ndi chiphaso cha sukulu, pensulo, cholembera, rula ndi maka yolembera pa galasi, ndipo mufike mphindi 20 nthawi yanu isanakwane. Amene ali woyembekezera kapena amene thupi lake siligwirizana ndi magolovesi a mphira andione ku ofesi pasanafike Lachisanu pa 14 Novembala kuti timukonzere malo oyenera.

Ine mphunzitsi wanu,

Mayi E. Banda
Mphunzitsi wa Sayansi ya Tizilombo