Kuyesa kwathu kosunga chimanga: pomwe zinakhotera

Kalabu yathu kuno ku Mulanje inagwirizana mu Meyi kuti chaka chino tisamangotsutsana pakamwa za njira yabwino yotetezera chimanga kwa anankafumbwe, koma tiyese tidzionere tokha. Tinasonkha matumba asanu ndi limodzi a makilogalamu 50. Awiri tinasakaniza ndi phulusa monga ankachitira makolo, awiri tinathira mankhwala a fumbi a Actellic, ndipo chimanga cha awiri otsalawo tinachiika m'matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Tinamanga mu Juni, n'kudzamasula komaliza mu Novembala. Zomwe tinapeza nonse munaziona: matumba a phulusa ndiwo anali ndi chimanga chooneka bwino, a Actellic anafumbwa pang'ono, pomwe a PICS, omwe tinkawadalira kwambiri komanso anatidyera ndalama, anatichititsa manyazi. Limodzi linali ndi anankafumbwe amoyo akuyendayenda, linalo chimanga chinagwirana n'kuchita chuku, fungo lake ngati la mphale yoiwalika mumtsuko. Pamsonkhano ena ananena kuti basi nkhani yatha, phulusa lapambana. Ine monga mlembi amene ndinkasunga kope, sindingalembe zimenezo mu lipoti lino, chifukwa nditawerenganso kope lija tsamba ndi tsamba ndaona kuti kuyesa kwathu sikunayankhe funso limene tinafunsa. Sikuti phulusa ndi loipa kapena kuti PICS ndi yabwino ayi. Kungoti mmene tinachitiramo, palibe chomwe tinganene pa njira zitatuzi.

Vuto lalikulu linali kawerengedwe kathu ka anankafumbwe. Tinapangana kuti pakatha masabata awiri aliwonse tizimasula matumba onse, tizikhuthulira theka m'beseni kuti tifike pakati, tizitapa kapu imodzi n'kusefa, kenako tiziwerenga tizilombo totsika pansi pa sefa. Tinkaona ngati ndiko kulimbikira, ndipo kunena zoona amayi amene anapatsidwa ntchitoyi sanajombe. Koma thumba la PICS lilibe mankhwala aliwonse. Linapangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku America, poyamba pofuna kusunga khobwe ku maiko a kumadzulo kwa Africa, ndipo mphamvu yake yonse ili pa kutsekereza mpweya. Mu mpweya womwe timapumawu, magawo 21 pa 100 aliwonse ndi okosijeni. Thumba likamangidwa bwino, tizilombo tomwe tatsekeredwa mkatimo timapuma okosijeniyo mpaka kutsika kwambiri, ndipo tikatero timasiya kudya, timasiya kuswana, kenako timafa. Zimenezi sizichitika tsiku limodzi, zimafuna masabata thumba lisanakhudzidwe. Ndiye ife tinkati mpweya ukangoyamba kuchepa, timamasula, kukhuthula chimanga pabwalo, n'kubwezeramo mpweya watsopano. Tinkapulumutsa anankafumbwe ndi manja athu omwe, kawiri pamwezi, uku tikulemba manambala mosamala zedi. Thumba lomwe tinkaliyesa silinali la PICS konse, linali saka wamba wovala pulasitiki. Alangizi atabwera mu Okutobala n'kutipeza tikusefa, anangogwira pakamwa n'kufunsa kuti, "Amayi, thumbali mwayamba liti kulimasula chonchi?" Apo n'kuti madzi atafika kale m'khosi.

Kuwerenga komweko kunali ndi chilema china. Nankafumbwe wamkazi amaboola njere ya chimanga, kuikira dzira mkati n'kutseka pabowopo. Kamphutsi kamadya mkati momwemo osaoneka, ndipo kamatuluka katakula pakatha mwezi umodzi kapena kupitirirako pang'ono, malinga ndi kutentha. Sefa imagwira akuluakulu okha. Kope lathu likusonyeza kuti mu Juni ndi Julayi manambala anali otsika m'matumba onse, ndipo ife tinkakondwa, chonsecho kunali kozizira ndipo adaniwo anali chikhalire mkati mwa njere, ena anachokera nazo kumunda komwe. Komanso tikamaliza kuwerenga sitinkabwezera tizilomboto m'thumba, ndani angachite zimenezo, tinkataira nkhuku. Kukhuthula ndi kusefa kuja nakonso kunasanduka njira yachinayi yochotsera anankafumbwe, yomwe sitinailembe pena paliponse.

Za thumba lochita chuku, mlandu ndi wa chinyezi. Aliyense wa kuno amadziwa mmene chiperoni chimachitira mu Juni ndi Julayi: nkhungu imatsika kuphiri, kamvula kowazawaza kamagwa masiku angapo, dzuwa osaoneka, zovala osauma pachingwe. Chimanga cha thumba limeneli chinatonoledwa m'sabata yotere, chinayanikidwa pakhonde, ndipo tinachiyesa poluma basi. Chinalira pamano, tinati chauma. Chimanga chosunga chimafunika chinyezi chake chikhale pa magawo 13 pa 100 kapena kutsikirapo, ndipo mano sangasiyanitse 13 ndi 16. Tinalibe makina oyezera, koma njira ya mchere tinkaidziwa ndithu ndipo siifuna ndalama: kuthira chimanga m'botolo lagalasi louma bwino, kuonjezamo mchere wouma, kutseka, kukhutchumula, n'kudikira kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho sichinaume. Tinailumpha chifukwa tsiku lomanga matumba linali litalengezedwa kale ndipo anthu anali atasonkhana. M'saka wamba chimanga chonyowa pang'ono chimapitiriza kuuma chifukwa mphepo imadutsa. M'pulasitiki chinyezi chilibe kothawira. Titamasula koyamba tinaona timadontho ta madzi mkati mwa pulasitiki chakukhosi kwa thumba, ndipo m'kope ndinalemba kuti "thukuta pang'ono", osadziwa kuti limenelo ndiye linali chenjezo. Chuku chimafuna chinyezi ndi mpweya, ife tinachipatsa zonse ziwiri. Chimanga chimenechi sitinalole kuti wina apite nacho kuchigayo kapena apatse nkhuku ndi nkhumba, chifukwa mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni amene satha ngakhale muphike nsima motani, ndipo amawononga chiwindi. Tinachikwirira.

Tsono phulusa lija linapambana bwanji? Yankho lili patsamba loyamba la kope, pomwe ndinalemba amene anapereka chimanga. Matumba awiri a phulusa anachokera kwa agogo athu a m'kalabu muno, amene amalima chimanga chamakolo, cholimba njere, ndipo iwo anaumirira kuti chawo chisathiridwe mankhwala a kusitolo. Tinawamvera, ndipo mwaulemu sitikanachitira mwina. Matumba anayi enawo anali a chimanga cha haibulidi chofewa, chomwe tonse timadziwa kuti chimafumbwa msanga ngakhale m'nkhokwe. Choncho sitingadziwe ngati chimanga cha agogo chinatetezedwa ndi phulusa kapena ndi kulimba kwake komwe. Mwina zonse ziwiri. Kuonjezera apo, chawo chinakololedwa chitaumiratu ndipo chinakhalitsa padzuwa chiperoni chisanayambe. Tinkati tikuyerekeza njira zitatu, koma tinasiyanitsanso mtundu wa chimanga, kuuma kwake, ndi munda womwe chinachokera, zonse pakamodzi.

Palinso thumba lomwe silinakhalepo, ndipo kusowa kwake kukundiwawa kuposa zonse. Pokonza dongosolo, mnyamata wina wa Fomu 3 amene amathandiza mayi ake m'kalabu muno ananena kuti pakhale thumba limodzi losathira chilichonse, loti tiziyerekezera nalo enawo. Tinamuseka. Ndani angapereke chimanga chake kwa anankafumbwe dala, chaka chomwe ambiri sitinakolole zokwanira? Koma popanda thumba limenelo sitidziwa kuti chaka chino anankafumbwe anali ochuluka motani m'chipinda chija. Matumba a Actellic anafumbwa pang'ono, inde, koma pang'ono poyerekeza ndi chiyani? Mwina mankhwalawo anagwira ntchito yaikulu, mwina sanachite kanthu. Mwanayo ankanena zoona, ndipo sipankafunika thumba lathunthu, ndowa imodzi ikanakwana.

Zing'onozing'ono nazo zilipo. Matumba tinawaika pansi pasimenti, ena atatsamira khoma, m'malo mowasanja pamitengo. Mankhwala tinayeza ndi chivindikiro cha botolo mongoganizira, osatsata muyeso wolembedwa papaketi. Mapulasitiki awiri a PICS amayenera kumangidwa lililonse palokha, kufinya mpweya, kupotokola khosi, kulipinda n'kumanga ndi chingwe, koma pofika mu Ogasiti otopa ndi kumasulamasula ankangomanga onse pamodzi. Pomaliza tinapezanso kabowo pansi pa thumba la anankafumbwe amoyo lija, ndipo sitidziwa ngati ndi khoswe kapena ndi kukoka pasimenti, kapenanso kuti kanabooka liti.

Zimene ndatolapo ndi zimene ndikupempha kuti tichite tikakolola chaka chamawa, ngati mamembala muvomera. Chimanga chonse choyesera chichokere m'munda umodzi, chikhale cha mtundu umodzi, tichisakanize mulu umodzi palona tisanagawe, ndipo chisalowe m'thumba chisanapambane mayeso a mchere, ngakhale tsiku lomwe tinapangana lisinthe. Thumba liti lilandire njira iti, tichite maere, osati mwini chimanga asankhe. Pakhale chosathira kanthu. Matumba a PICS asamasulidwe mpaka tsiku lomaliza. Ngati tikufuna kuona mmene zinthu zikuyendera pakati panjira, tidzadze zigubu zing'onozing'ono zotseka bwino zingapo, tizitsegula chimodzi mwezi uliwonse osachibwezeranso pa mndandanda. Ndipo m'malo mowerenga tizilombo toyenda, tiziwerenga njere 100 kuchokera pamwamba, pakati ndi pansi, n'kuona kuti zobooka ndi zingati, tiyezenso kulemera kwa thumba pasikelo imodzimodzi poyamba ndi pomaliza, chifukwa chomwe mlimi amataya ndi chimanga, osati nambala ya anankafumbwe. Ngati tikufunanso kudziwa za chimanga chamakolo, chimenecho chikhale kuyesa kwake kwapadera, agogo atitsogolere.

Nkhani yomwe yatsala ndi ya abambo amene chimanga chawo tinakwirira. Iwo anapereka thumba lathunthu pokhulupirira kalabu, ndipo Januwale ndi Febuluwale akubwera. Komiti yaganiza kuti aliyense asonkhe mbale imodzi yaikulu kufikira thumba lidzaze, ndipo tidzalandira pamsonkhano wa Lachinayi likudzali. Matumba a PICS aja tawatsuka n'kuwayanika. Lobooka lija tigwiritsa ntchito ngati saka wamba, linalo likhala kwa msungichuma mpaka nthawi yokolola.