Pulakatisi ya sabata ino yasamukira ku holo

Anyamata nonse a timu, komanso makolo,

Mvula ya masiku anayi apitawa yaononga galaundi yathu. Pagolo lakumunsi madzi adikha ofika m'kakolo, ndipo pakati ponse ndi matope okhaokha. Tikati tiumirire kuseweramo, wina abinya bondo, komanso kapinga azuka moti bwalo likhala dazi mpaka Epulo. Choncho Lachiwiri ndi Lachinayi tikumana mu holo ya tchalitchi ija ili kumtunda kwa msika wa Ndirande.

Nthawi nayo yasintha. Tiyamba 2:30 masana osati 4 koloko, chifukwa masiku ano mvula ikumagwa chakumadzulo. Titsiriza 4:15 kuti aliyense akafike kwawo kukuwala.

Mu holo pansi ndi simenti. Nsapato zampira za mano kunsi musabwere nazo, zimaterera pasimenti komanso zimakanda pansi, ndipo eni holo atichenjeza kale. Valani nsapato zafulati za mphira. Jezi ndi masokosi muziike m'jumbo kuti zifike zouma, mutengenso botolo la madzi akumwa. Ludzu silitha chifukwa kunja kukugwa mvula.

Musaganize kuti tikukangotaya nthawi. Mphindi 15 zoyamba ndi zotenthetsa thupi, kenako tigawana magulu a anthu anayi anayi, kupatsirana mpira pamalo opanikizika, kugunda kawiri basi. Izi ndi zomwe zidatisowa pamasewero athu omaliza, pomwe timataya mpira tikangopanikizidwa pang'ono. Magoloboyi mukhala pakona yanu ndi matiresi awiri. Kumenya mashoti kulibe, mawindo ndi a galasi ndipo thumba la timu mukulidziwa.

Za kaundula: kaputeni aitana mayina 2:35. Wojomba masiku onse awiri osanena chifukwa asayembekezere kuyamba nawo masewero a Lamlungu, kaya amagoletsa bwanji. Amene mumaweruka mochedwa kusukulu, nenani lero, tikulembani kuti mufika 3 koloko.

Koma pali chimodzi chomwe sitikukakamiza. Inu okhala kutsidya kwa Nasolo, mtsinje ukadzaza musawoloke, ngakhale madzi akuoneka ofika m'mawondo. Zungulirani pa mlatho, ndipo zikakanika tumizani uthenga, sitikuwerengerani kuti mwajomba. Kukayamba ziphaliwali muli m'njira, lowani m'nyumba kapena m'sitolo, osati pansi pa mtengo, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanapitirize ulendo.

Loweruka 7 koloko m'mawa tikayendera galaundi. Bwerani ndi makasu anayi ndi mawilibala awiri, tikumbe ngalande kuseri kwa golo lakumunsi ndi kuthira mchenga pamene pakudikha madzi. Likauma, Lachiwiri likudzalo tibwerera kwathu.

Aliyense ayankhe kuti "ndibwera" kapena "sindibwera" isanakwane 8 koloko usiku uno. Amene mnzanu alibe foni, mumudutsire kwawo mukamuuze.

Aphunzitsi ndi komiti ya timu